Maola amene amathera pamsewu

Uthenga ukafika kumudzi woti achemwali apeza ntchito ya keya ku Mangalande ndipo azilandira mapaundi 13 pa ola, achibale sachedwa kutenga foni n'kuyamba kuwerengera. Amachulukitsa 13 ndi maola 8, kenako ndi masiku a mwezi wonse, n'kusandutsa makwacha. Nambala imene imatuluka imachititsa munthu kuyamba kuona malata atsopano padenga. Ndiye mwezi ukatha, ndalama yotumizidwa n'kukhala yochepa, manong'onong'o amayamba: ayamba kuumira, atiiwala. Chikhalirecho mwiniwake amachoka pakhomo kudakali mdima n'kubwerako kutada, miyendo itatupa, ndipo nayenso akayang'ana peyisilipi yake samvetsa kumene maola ake apita.

Maolawo sanasowe. Athera pamsewu ndi m'galimoto yoimikidwa pakhomo pa munthu, ndipo palibe amene wawalemba.

Ntchito ya keya ili pawiri. Ena amagwira m'nyumba zosungiramo okalamba, kumene munthu amalowa m'mawa n'kutuluka madzulo, shifiti yonse ali malo amodzi. Kumeneko kuwerenga maola sikuvuta. Koma ena amayendera okalamba ndi odwala m'makomo mwawo, khomo ndi khomo. Amafika, kudzutsa agogo, kuwasambitsa, kuwaveka, kuwapatsa mankhwala, kuwakonzera tiyi ndi buledi, kulemba zimene achita, n'kuthamangira khomo lina. Ulendo umodzi umakhala wa mphindi 30, 45 kapena ola. Makampani ambiri amapatsa wantchito foni yokhala ndi apu imene amadina polowa ndi potuluka, ndipo ambiri mwa makampaniwo amalipira mphindi zokhazo za pakati pa kudina kuwiriko. Chitseko cha agogo chikangotsekeka kumbuyo kwake, wotchi ya malipiro imaima. Koma ntchito siinaime, chifukwa munthu uja sakupita kocheza. Akupita kumene rota yamutuma.

Tiyeni titenge tsiku limodzi lachitsanzo, lokonzedwa mmene marota ambiri amakhalira, tiliyende ndi mayi amene amalandira mapaundi 13 pa ola.

Achoka pakhomo 6:30 m'mawa, ayamba apala kaye chisanu pagalasi la galimoto. Khomo loyamba alowa 7:00 n'kutuluka 7:45. Ayenda mphindi 15, alowa lachiwiri 8:00, akhalamo mphindi 30. Lachitatu lili kutsidya kwa tauni, mphindi 20 pamsewu chifukwa ndi nthawi yoti makolo akuperekeza ana kusukulu, ndipo kumeneko akhalanso mphindi 30. Ayenda mphindi 10, n'kufika kwa bambo amene sayenda okha, ofunika ola lathunthu. Pamene akutuluka, nthawi yakwana 10:30. Khomo lotsatira ndi la 12 koloko. Kwawo ndi kutali, mafuta ndi odula, ndiye ayendetsa mphindi 15 kukaima pafupi ndi khomolo, azima injini, atulutsa fulasiki, akhala m'galimoto yozizira mphindi 75. Masana ayendera makomo atatu, lililonse mphindi 30, ndipo pakati pake ayenda mphindi 15 kawiri. Pofika 2 koloko amaliza, ndipo popeza mpata ndi waukulu, apita kunyumba kukaphikira ana. Madzulo ayambiranso 5 koloko: mphindi 30, mphindi 30, mphindi 45, n'kuyenda mphindi 15 kawiri pakati pake. Khomo lomaliza atuluka 7:15, n'kufika kwawo cha m'ma 7:45 usiku.

Makomo 10. Kuchokera pamene anatseka chitseko chawo m'mawa mpaka pamene akuchitsegula komaliza papita maola oposa 13. Apu yalemba maola 6, ndipo malipiro a tsikulo ndi mapaundi 78.

Tsopano tiwerenge nthawi imene anali pamsewu kuchoka khomo lina kupita lina: m'mawa mphindi 45, kupita ku khomo la masana mphindi 15, masana mphindi 30, madzulo mphindi 30. Zonse pamodzi ndi maola 2. Malamulo a malipiro otsikitsitsa a dzikolo, amene anayamba ndi lamulo la 1998 ndipo tsatanetsatane wake ali m'malamulo a 2015, amanena kuti nthawi yoyenda kuchoka pa ntchito ina kupita pa ina ndi nthawi ya ntchito. Nkhaniyi inafikapo kukhoti la apilo la milandu ya ntchito mu 2013, pa mlandu wa mayi Whittlestone amene ankayendera makomo a anthu pa basi, ndipo khoti linagamula kuti nthawi yawo yoyenda pakati pa makomo iyenera kuwerengedwa. Choncho mayi athu aja sanagwire maola 6, agwira maola 8. Mukagawa mapaundi 78 ndi 8, mupeza mapaundi 9.75 pa ola. Malipiro otsikitsitsa a munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo, kuyambira Epulo 2025, anaikidwa pa mapaundi 12.21, ndipo amasintha Epulo aliyense. Maola 8 pa mtengo umenewo ndi mapaundi 97.68. Mayiwa aperewedwa mapaundi 19.68 tsiku limodzi. Akagwira masiku 20 otere pamwezi, ndalama yosowayo ndi mapaundi 393.60.

Chimene chimandiwawa pa nkhaniyi n'chakuti pepala la mgwirizano silinanama. Linati mapaundi 13 pa ola, ndipo 13 ndi yoposa 12.21. Munthu amasaina ali wokondwa, akuona ngati wapeza bwana wolipira kuposa lamulo. Kuti aone zoona zake ayenera kuchita samu imodzi yokha, ya kugawa, koma agawe ndi nambala imene palibe pamene inalembedwa.

Pano pali poterera pamene ambiri amagwa. Lamulo silinena kuti bwana azilipira mphindi iliyonse ya pamsewu payokha. Limangonena kuti mukatenga ndalama zonse za nyengo yolipirira, kaya ndi sabata kaya ndi mwezi, n'kugawa ndi maola onse a ntchito kuphatikizapo a pamsewu, yankho lisatsike pansi pa malipiro otsikitsitsa. Ndiye kampani ikhoza kulipira maola a m'nyumba okha n'kukhala isanalakwire lamulo, bola mtengo wake ukhale wokwera mokwanira kuphimba msewu. Pa tsiku la mayi athuwa, mtengo umenewo ukanayenera kukhala mapaundi 16.28 pa ola la m'nyumba. Tanthauzo lake n'lakuti munthu amene ankadzitama kuti amalandira 16.28 pa rota yotereyi anali pa malipiro otsikitsitsa enieni a Epulo 2025, osapitirira ndi khobidi limodzi lomwe. Ndipo maulendo akamafupika zinthu zimaipiraipira. Msewu wa mphindi 15 ukatsatana ndi ulendo wa ola, ndi gawo laling'ono la nthawi. Ukatsatana ndi ulendo wa mphindi 15, theka la nthawi ya munthu lathera panjira. Anthu awiri a kampani imodzi, a mtengo umodzi, akhoza kumalandira mosiyana kwambiri pa ola lenileni chifukwa chakuti wina anapatsidwa makomo oyandikana a maulendo aatali, wina makomo omwazikana a maulendo aafupi.

Mafuta nawonso amalowa m'samuyi. Ndalama imene wantchito waononga poyenda pakati pa makomo, ngati bwana sanamubwezere, imachotsedwa pa malipiro ake powerengera. Mayi aja akathira mafuta a mapaundi 5 a m'thumba mwawo oyendera pakati pa makomowo, ndiye kuti pa 78 patsala 73, ndipo ola lawo latsikira pa mapaundi 9.13. Kumbali inayo, ndalama imene kampani imapereka pa mailo iliyonse ndi yobwezera mafuta ndi kutha kwa matayala, si malipiro. Bwana sanganene kuti nthawi ya pamsewu analipira kale chifukwa anapereka ya mafuta. Galimoto yabwezeredwa, koma munthu woiyendetsa sanalipidwe.

Si msewu wonse umene umawerengedwa. Kuchoka kunyumba kupita khomo loyamba, ndiponso kuchoka khomo lomaliza kubwerera kunyumba, lamulo la malipiro limakutenga ngati ulendo wa aliyense wopita kuntchito, ndipo siliwerenga. Chimodzimodzi ulendo wa mayi aja wa 2 koloko wopita kukaphikira ana ndi wobwerera madzulo. N'chifukwa chake rota yodulidwa pakati imadya munthu kwambiri: amapita kuntchito kawiri pa tsiku, maulendo anayi, onse a m'thumba mwake. Ena anamvapo za chigamulo cha khoti la mayiko a ku Ulaya cha 2015 pa mlandu wa kampani ya Tyco ku Spain, imene inatseka maofesi ake a m'zigawo, amisiri ake oika zipangizo zachitetezo n'kumanyamuka kunyumba kulunjika kwa kasitomala, nthawi zina mtunda woposa makilomita 100. Khotilo linati kwa anthu opanda malo amodzi ogwirira ntchito, ulendo woyamba ndi womaliza ndi nthawi ya ntchito. Koma chigamulocho chinali cha malamulo a kupuma ndi kuchuluka kwa maola pa sabata, oteteza thanzi la munthu. Sichinalamule kuti maolawo alipidwe. Ola limodzi lomwelo likhoza kukhala la ntchito pa buku la kutopa, n'kukhala losakhalapo pa buku la ndalama.

Nanga mphindi 75 za m'galimoto zija? Apa ndi pamene mkangano umakula, ndipo m'samu yathu sitinaziike n'komwe. Lamulo limati nthawi imene munthu akufunika kukhala pamalo a ntchito kapena pafupi, wokonzeka kugwira, ndi nthawi ya ntchito. Limatinso nthawi yopuma siwerengedwa. Bwana adzati mayiwo anali pa buleki, akanatha kupita kumsika kapena kunyumba. Mayiwo adzati kunyumba ndi kutali, kupita ndi kubwera kukanadya mpata wonse, ndipo foni inali m'manja chifukwa ofesi imaimba nthawi iliyonse kuti thamangirani uku. Funso limene limadula nkhani ndi lakuti: kodi nthawiyo inalidi yawo, yoti n'kuchita nayo zimene akufuna? Mpata wa mphindi 10 chifukwa wafika msanga pakhomo sungatchedwe kupuma. Mpata wa maola atatu, munthu ali kwawo, si ntchito. Zapakatizi ndiye zimafuna umboni. Mu 2020, pa mlandu umene bungwe la antchito la UNISON linathandiza anthu 10 oyendera makomo m'dera la Haringey ku London, khoti la milandu ya ntchito linavomereza kuwerengera kumene kunatenga nthawi yoyenda ndi yodikira yofika mphindi 60 pakati pa makomo ngati nthawi ya ntchito, ndipo anthuwo anapeza ndalama zoposa mapaundi 100,000 onse pamodzi. Linali khoti laling'ono, chigamulo chake sichimanga makhoti ena, koma chinaonetsa kukula kwa ndalama imene imabisala m'timipata timeneti tikaunjikana zaka.

Kudikira kwina ndi kwa usiku, ndipo kumeneku lamulo linapendekera mbali ina. Claire Tomlinson-Blake ankagwira ntchito ku bungwe la Mencap, akusamalira amuna awiri olumala m'nyumba mwawo. Masiku ena ankagona konko kuyambira 10 koloko usiku mpaka 7 koloko m'mawa, ali ndi chipinda chake, koma osaloledwa kuchoka, khutu lili tcheru kuti akamva phokoso adzuke. Pa maola 9 amenewo ankalandira mapaundi 29.05. M'miyezi 16 anadzuka kukathandiza maulendo 6 okha. Pa 19 Malichi 2021 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula kuti munthu amene wapatsidwa malo ogona ndipo akuyembekezeka kugona, malipiro otsikitsitsa amamukhudza pa nthawi yokhayo imene ali maso chifukwa cha ntchito. Ine chigamulochi sindigwirizana nacho mumtima. Amene anagonerapo wodwala kuchipatala amadziwa kuti tulo ta woyang'anira si tulo, ndipo usiku umene wagona kwa eni ana ako agona okha. Koma lamulo lili choncho, ndipo wolandira shifiti ya usiku ayenera kufunsa bwinobwino ngati ndi yogona kapena yochezera. Yochezera, imene munthu amafunika kukhala maso usiku wonse, imalipidwa ola lililonse, ngakhale usikuwo udutse popanda woitana.

Kwathu kuno nkhaniyi siyachilendo kwenikweni. Waganyu amalipidwa pa ndime imene walima, osati pa mtunda umene wayenda ndi khasu paphewa. Dalaivala wa thiraki wolipidwa pa ulendo akhoza kugona masiku pachipata cha Mwanza kapena padoko la Beira kudikira mapepala, sangasiye katundu n'kuchokapo, koma ulendo umawerengedwabe umodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Mangalande kuli nambala yolembedwa imene munthu angayezerepo ola lake, ndiponso ofesi imene ntchito yake ndi kulondola zimenezi.

Chimayambitsa vutoli si dyera la mabwana lokha, ngakhale lilipo. Chisamaliro chambiri cha m'makomo amagula ndi makhonsolo, ndipo nthawi zambiri amagula pa ola la m'nyumba mwa wodwala. Mtengo wa khonsolo ukakhala wotsika, kampani imafinya pamene sipaoneka, ndipo posaoneka ndi pamsewu. Chizindikiro chake chimaonekera pa rota yomwe: khomo lina likutha 8:30, lotsatira likuyamba 8:30 yomweyo, pamene pakati pake pali mailosi atatu. Munthu sauluka. Ndiye amasankha pakati pa zoipa ziwiri, kuchoka msanga pakhomo loyamba kapena kufika mochedwa pa lachiwiri. Agogo amene anayenera kusamalidwa mphindi 30 amapeza 20, tiyi amamwa ali okha, wina amene amadikira mankhwala a shuga amadya mochedwa. Malangizo a bungwe la NICE a 2015 ananena kuti maulendo asamachepere mphindi 30 kupatula pa zifukwa zapadera, ndiponso kuti rota izisiya nthawi yokwanira yoyendera. Mphindi zimene sizilipidwa kwa wantchito zimakathera kuchotsedwa kwa nkhalamba imene yagona pabedi kudikira kuti chitseko chitseguke.

Munthu angadziwe bwanji kuti akudyeredwa? Peyisilipi yokha singamuuze. Kuyambira Epulo 2019 lamulo limafuna kuti peyisilipi ya munthu wolipidwa pa ola ionetse maola amene walipidwa, koma amenewo ndi maola a bwana. Ofunika ndi ako. Kabuku kakang'ono ka m'thumba la yunifolomu kamakwanira: nthawi yolowa, nthawi yotuluka, nthawi yofika khomo lotsatira, mailosi, ndi kumene unali pa mpata uliwonse. Mayina a odwala asalembedwe m'menemo, manambala a makomo monga loyamba, lachiwiri akukwana, chifukwa chinsinsi cha wodwala ndi nkhani ina imene ingakuchotsetse ntchito. Rota ya pa apu imasintha ndipo yakale imafufutika, choncho nthawi zake zikoperedwe tsiku lomwelo. Mwezi ukatha, tenga malipiro onse msonkho usanachotsedwe, chotsapo ndalama yobwezera mafuta ndi zimene waononga wekha pamsewu osabwezeredwa, ugawe ndi maola a m'nyumba kuphatikiza a pakati pa makomo. Yankho likatsika pansi pa malipiro otsikitsitsa a chaka chimenecho, pali ngongole.

Ngongoleyo ili ndi njira zake. Bungwe la ACAS limapereka uphungu waulere pafoni. Dandaulo likhoza kupita ku HMRC, nthambi ya boma yotolera misonkho imene inapatsidwanso ntchito yolondola malipiro otsikitsitsa, ndipo wodandaula akhoza kupempha kuti dzina lake lisaululidwe kwa bwana. Akapeza kuti anthu analipidwa moperewera, amalamula kuti abwezeredwe mpaka zaka 6 zam'mbuyo, ndipo kampani imalipira chindapusa chofika kuwirikiza kawiri ndalama imene inabisa, osapitirira mapaundi 20,000 pa wantchito mmodzi. Bwana amafunika kusunga zolemba za maola ndi malipiro kwa zaka 6, ndipo nkhani ikafika kukhoti, ndi iyeyo amene ayenera kuonetsa umboni kuti analipira mokwanira. Koma khoti la milandu ya ntchito lili ndi nthawi yochepa yolandirira dandaulo, miyezi yowerengeka chabe kuchokera pa malipiro operewerawo, ndiye kuzengereza kumatayitsa.

Ndikudziwa chimene chimatseka pakamwa abale athu ambiri. Amene anapita pa viza ya keya, imene inatsegulidwa kwa antchito amenewa mu Febuluwale 2022 n'kutsekedwa kwa ofunsira ali kunja mu Julayi 2025, chilolezo chawo chokhalira m'dzikomo chinamangiriridwa ku kampani imene inawaitana. Ntchito ikatha, nthawi zambiri amapatsidwa masiku 60 kuti apeze kampani ina yowatenga. Munthu amene ali ndi ana pasukulu ndi ngongole ya tikiti kumudzi amayeza mawu ake asanafunse za mphindi 15 za pamsewu, ndipo sindingamuweruze. Lamulo limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa chofunsa malipiro otsikitsitsa, koma bwana woipa amangochepetsa mashifiti mwakachetechete. N'chifukwa chake anthu a ku Haringey aja anapita ali gulu, bungwe lili kumbuyo kwawo, osati mmodzimmodzi. Kabuku kaja sikakakamiza munthu kudandaula lero. Kamangosunga maolawo kuti tsiku limene adzapeze kampani ina, kapena anzake oti ayende nawo limodzi, adzakhale ndi poyambira.

Ndipo kwa amene akusintha kampani, nkhanga zinapangana kusanapse. Asanasaine afunse ngati mtengo wa pa olawo ndi wa m'nyumba mokha kapena wa shifiti yonse, pakuti alipo makampani amene amalipira kuyambira khomo loyamba mpaka lomaliza osadula. Apemphenso kuona rota yeniyeni ya sabata yatha ya dera limene akamuike, ayang'ane nthawi imene khomo lina likutha ndi imene lotsatira likuyamba. Mapaundi 12.50 a shifiti yonse, pa tsiku la mayi athu aja, ngakhale titawerenga maola 8 okha aja, akanabweretsa mapaundi 100, pamene 13 ya m'nyumba mokha inabweretsa 78.